Nyenyezi zophulika zimene zinaulula kuti chilengedwe chikuwonjezera liwiro

Kodi akatswiri a zakuthambo anapeza chiyani mu 1998?

Zoti chilengedwe chikufutukuka zinali zodziwika kale. Georges Lemaître anazilemba mu 1927, ndipo mu 1929 Edwin Hubble anaonetsa kuti mlalang'amba ukakhala kutali kwambiri ndi ife, umatalikiranso mofulumira kwambiri. Chimene aliyense ankayembekeza n'chakuti kufutukukaku kukucheperachepera liwiro, chifukwa milalang'amba imakokana, ndipo kukokanako kuyenera kukhala ngati mabuleki. Funso linali lakuti mabulekiwo akugwira motani: kodi chilengedwe chidzaima n'kuyamba kubwerera, kapena chidzapitirira mpaka kalekale koma mwapang'onopang'ono?

Magulu awiri anapikisana kuti ayeze zimenezi. Loyamba, Supernova Cosmology Project, linayamba mu 1988 ku Berkeley, ku California, ndipo ankalitsogolera ndi Saul Perlmutter. Lachiwiri, High-z Supernova Search Team, linayamba mu 1994 motsogoleredwa ndi Brian Schmidt, amene ankagwira ntchito ku Mount Stromlo, ku Australia. Adam Riess, wa m'gulu lachiwirili, atawerengera kuchuluka kwa zinthu zofunika kuti mabuleki agwirizane ndi zimene anayeza, anapeza nambala yochepera pa ziro. Kulemera kochepera pa ziro kulibe. Tanthauzo lake linali lakuti mabuleki sakugwira n'komwe, liwiro likuwonjezeka. Gulu la Riess ndi Schmidt linafalitsa zotsatira zake mu 1998 pogwiritsa ntchito nyenyezi zophulika zakutali 16, zotchedwa supanova, ndipo la Perlmutter linatsatira mu 1999 ndi supanova 42. Anthu atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2011. Chinthu chimene chikukankha chilengedwecho chinapatsidwa dzina lakuti mphamvu yamdima.

Nyenyezi ikaphulika kutali chonchi, munthu angadziwe bwanji mtunda wake?

Amene anakhalapo m'mbali mwa nyanja usiku wopanda mwezi amadziwa nyali za asodzi a usipa. Ngati mukudziwa kuti nyali zonsezo n'zofanana mphamvu, ndiye kuti imene ikuoneka mwachizimezime ili kutali kuposa inzake, ndipo mungathe kuwerengera kutalika kwake. Mtunda ukachuluka kawiri, kuwala kofika m'maso kumachepa kanayi. Ukachuluka katatu, kumachepa ka 9. Vuto limabwera ngati nyalizo sizofanana, chifukwa simungasiyanitse nyali yofooka ya pafupi ndi nyali yamphamvu ya kutali. Milalang'amba ili ndi vuto limeneli: ina ndi yaikulu, ina yaing'ono, ndipo imasintha pakapita nthawi.

Supanova za mtundu wa Ia ndizo zinathetsa vutoli. Nyenyezi yonga dzuwa lathu ikatha mafuta ake imasiya chitsalira choyera, chachikulu ngati dziko lapansi koma cholemera ngati dzuwa, chopangidwa ndi kaboni ndi okosijeni. Chikakhala chokha chimangozizira. Koma chikakhala ndi nyenyezi inzake pafupi, chimatha kuyamwa zinthu kuchokera kwa inzakeyo kapena kuphatikizana nayo. Subrahmanyan Chandrasekhar anawerengera m'zaka za m'ma 1930 kuti chitsalira choterechi sichingapirire kulemera koposa pafupifupi ka 1.4 kulemera kwa dzuwa. Chikayandikira malirewo, kaboni amayaka mwadzidzidzi ndipo nyenyezi yonse imaphwasuka m'masekondi ochepa.

Kuwala kumene timaona sikuchokera ku moto wa masekondi amenewo ayi. Kuphulikako kumapanga nikelo-56 wochuluka, woposa pang'ono theka la kulemera kwa dzuwa. Nikeloyo sakhalitsa: masiku 6 aliwonse theka lake limasanduka kobaluti-56, ndipo kobalutiyo, masiku 77 aliwonse, theka lake limasanduka chitsulo. Mphamvu yotuluka pa kusinthaku ndi imene imatenthetsa zinyenyeswazo. N'chifukwa chake supanova imatenga pafupifupi milungu itatu kuti ifike pachimake, pamene imawala ngati madzuwa pafupifupi 5 biliyoni, kenaka n'kuzilala kwa miyezi ingapo. Akatswiri amaizindikira akagawa kuwala kwake m'mitundu: mulibe chizindikiro cha haidirojeni, koma muli chizindikiro champhamvu cha silikoni.

Ndiye kuti supanova zonsezi zimawala mofanana ndendende?

Ayi, ndipo zikanangotengedwa choncho ntchito yonse ikanalephereka. Yowala kwambiri imatha kuposa yofooka kangapo konse, pomwe chizindikiro chimene ankafunafuna ndi kusiyana kwa magawo khumi kapena makumi awiri pa 100.

Amene anatsegula njira ndi Mark Phillips, yemwe ankagwira ntchito ku Cerro Tololo, m'dziko la Chile. Mu 1993 anaonetsa kuti supanova yowala kwambiri imazilala pang'onopang'ono, pamene yofooka imazilala msanga. Choncho mukayeza mmene yazilalira pamasiku 15 kuchokera pachimake, mumadziwa mphamvu yake yeniyeni. Chachiwiri chimene amakonza ndi mtundu wa kuwala. Fumbi la mu mlalang'amba umene supanova yaphulikiramo limachepetsa kuwala, koma limameza kwabuluu koposa kofiira, ndiye supanova imene ikuoneka yofiirira kuposa inzake imawonjezeredwa kuwala kumene fumbi laba. Zokonza ziwirizi zikachitika, mtunda wa supanova imodzi umadziwika molakwitsa ndi magawo 6 kapena 7 okha pa 100.

Pali ntchito ina imene sitchulidwa mokwanira. Kuti munene kuti supanova yakutali ikuoneka yofooka, mufunika zapafupi zoyerekeza nazo. Kafukufuku wa Calán/Tololo, amene Mario Hamuy ndi anzake anachita ku Chile kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi amene anasonkhanitsa supanova zapafupi zoyezedwa bwino, ndipo magulu onse awiri opikisana aja anadalira zimenezi. Mphoto ya Nobel imaperekedwa kwa anthu osapitirira atatu, ndipo apa lamulolo linasiya kunja anthu amene popanda iwo sipakanakhala choyeza.

Zimaphulika kawirikawiri bwanji? Amazipeza motani?

Mu mlalang'amba umodzi pamatha kupita zaka mazana angapo. Mu wathu uno, supanova yomaliza kuonedwa ndi maso inali ya mu 1604. Telesikopu yaikulu imapemphedwa miyezi yambiri pasadakhale, ndiye mungapemphe bwanji nthawi yoonera nyenyezi imene sinaphulike?

Gulu la Perlmutter linapeza nzeru yake. Mwezi ukangokhala kumene, thambo lili lakuda, ankajambula zigawo za thambo zokhala ndi milalang'amba masauzande ambirimbiri. Pakatha milungu itatu ankajambulanso malo omwewo, kompyuta n'kuchotsa chithunzi choyamba pa chachiwiri. Kadontho kotsala ndi chinthu chimene chawala pakati pa masiku amenewo. Popeza milalang'amba ndi yochuluka, supanova zingapo zimapezeka ndithu, zambiri zisanafike pachimake, ndipo mwezi umakhala ukupitanso kumdima. Motero ankatha kupempheratu usiku pa telesikopu ya Keck ya mamita 10 ku Hawaii kuti atsimikize mtundu wa supanova iliyonse. Zambiri zinapezeka ndi telesikopu ya Blanco ya mamita 4 ku Cerro Tololo.

Koma kufooka kwa kuwala kukugwirizana bwanji ndi liwiro la kufutukuka?

Supanova iliyonse imatipatsa nambala ziwiri zosadalirana. Yoyamba ndi mtunda, umene timaupeza ku kufooka kwake. Yachiwiri ndi kuchuluka kwa mmene chilengedwe chafutukukira kuwalako kuli paulendo. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo danga likamafutukuka mafundewo amatambasuka nalo limodzi, n'kusunthira kumbali yofiira. Akatswiri amalemba kutambasukaku ndi chilembo z.

Titenge supanova ya z = 0.5, yofanana ndi zambiri za mu 1998. Mu mlalang'amba wake muli mpweya wa okosijeni umene umatulutsa kuwala kwa mafunde otalika mananomita 373. Ukayezedwa kuno, umapezeka pa mananomita pafupifupi 560, kutanthauza kuti mafunde atalika ka 1.5. Choncho pamene nyenyeziyo inkaphulika, mitunda ya pakati pa milalang'amba inali magawo awiri mwa atatu a mmene ilili lero. Izi sizidalira maganizo a munthu aliyense, n'zoyezedwa.

Funso tsopano ndi ili: chilengedwe chinatenga nthawi yaitali bwanji kuti chikule kuchoka pa magawo awiri mwa atatu kufika pamene chili lero? Liwiro la lero timalidziwa kuchokera ku supanova zapafupi, pafupifupi makilomita 70 pa sekondi pa mtunda uliwonse umene kuwala kumayenda m'zaka 3.26 miliyoni. Ngati kale chinkafutukuka mofulumira kuposa lero, ndiye kuti chinakula msanga, kuwala kwayenda nthawi yochepa, supanova ili pafupiko ndipo iyenera kuoneka yowala. Ngati kale chinkafutukuka pang'onopang'ono, chinatenga nthawi yaitali, kuwala kwayenda ulendo wautali, ndipo supanova iyenera kuoneka yofooka.

Tiike manambala. Tiyerekeze chilengedwe chopanda kanthu, chopanda mabuleki komanso chopanda chokankha, chimene liwiro lake silisintha. M'chilengedwe chotere kuwala kwa supanova yathu kukanayenda zaka 4.7 biliyoni, ndipo kuwala kofika pa telesikopu tikupatse nambala 100. M'chilengedwe chodzaza ndi zinthu zokokana, chimene akatswiri ambiri a masamu ankachikonda nthawi imeneyo, ulendowo ukanakhala wa zaka 4.2 biliyoni ndipo kuwala kukanakhala 129. M'chilengedwe chokhala ndi zinthu zochepa, pafupifupi magawo 30 pa 100 a chodzazacho, monga mmene owerenga milalang'amba ankapezera, kuwala kukanakhala 109. Taonani kuti zinthu zokokana, kaya zichepe bwanji, zimangokweza nambalayi pamwamba pa 100. Palibe njira yoti zingaitsitsire pansi.

Supanova zenizeni zinagwera pansi pa 100. Mawerengedwe amene amagwirizana nazo bwino, a chilengedwe chokhala ndi magawo 30 a zinthu zokokana ndi magawo 70 a mphamvu yamdima, amapereka 89, ndi ulendo wa zaka pafupifupi 5 biliyoni. Kusiyana kwa 109 ndi 89 n'kochepa, ndipo supanova imodzi payokha singakutsimikize. Ndipotu mu 1997 gulu la Perlmutter, lili ndi supanova 7 zokha, linafalitsa zotsatira zimene zinkaloza ku chilengedwe chochepetsa liwiro. Chithunzi chinasintha zitachuluka.

Pali chinthu china chimene chiyenera kukonzedwa asanayerekeze. Kufutukuka kumatambasulanso nthawi. Supanova imene kwawo inatenga masiku 20 kuti ifike pachimake, ife timaiona ikutenga masiku 30, chifukwa kuwala kulikonse kotsatira kumayenda mtunda wotalikirapo. Woiwala zimenezi angaganize kuti supanovayo ikuzilala pang'onopang'ono, n'kuipatsa mphamvu imene ilibe. Kutambasuka kwa nthawiku kunayezedwa ndipo kumagwirizana ndi 1 + z, umene ndi umboni wapadera wakuti kufiira kwa kuwala kumachokeradi ku kufutukuka.

Bwanji ngati ndi fumbi chabe, kapena supanova zakale zinali zofooka mwachibadwa?

Amenewa ndi mafunso oyenera, ndipo akatswiri ena anawafunsa nthawi yomweyo. Fumbi wamba limaoneka chifukwa limafiiritsa kuwala, ndipo supanova zakutalizo sizinali zofiirira kuposa zapafupi. Koma mu 1999 Anthony Aguirre anasonyeza kuti fumbi la timibulu tokulirapo, lomwazikana pakati pa milalang'amba, likhoza kuchepetsa kuwala popanda kusintha mtundu wake kwenikweni. Nkhani ya chibadwa nayonso ndi yomveka: zaka 5 biliyoni zapitazo nyenyezi zinali zazing'ono msinkhu ndipo zinali ndi zitsulo zochepa.

Njira yosiyanitsira ndi kupita kutali kwambiri. Fumbi limachuluka ndi mtunda, ndiye ngati ndi fumbi, supanova zakutali kwambiri ziyenera kufookeratu. Ngati ndi kusintha kwa chibadwa, n'zovuta kuona chifukwa chimene kungabwerere m'mbuyo. Mphamvu yamdima imanena zosiyana. Kale kwambiri zinthu zinali zothithikana, kukokana kunali kwamphamvu, ndipo chilengedwe chinkachepetsadi liwiro. Choncho supanova za nthawi imeneyo ziyenera kusiya kufooka n'kuyamba kuoneka zowala poyerekeza ndi mzere wa 100 uja.

Supanova yotchedwa SN 1997ff, ya z pafupifupi 1.7, imene telesikopu ya Hubble inajambula, inasanthulidwa mu 2001 ndipo inapezeka yowala kwambiri kuposa mmene fumbi likanalolera. Inali imodzi yokha, ndipo kuwala kwake kunakulitsidwa pang'ono ndi milalang'amba ya panjira, ndiye sinathetse mkangano. Mu 2004 Riess ndi anzake anafalitsa supanova zina 16 zopezeka ndi telesikopu yomweyo, zingapo mwa izo zoposa z = 1, ndipo kukhota kuja kunaoneka: poyamba kuchepetsa liwiro, kenaka kuwonjezera. Kwa ine umboni umenewu ndi wolimba kuposa wa 1998, chifukwa unanenedweratu usanayezedwe ndipo ukanatha kugwetsa nkhani yonse.

Si kuti nkhawa zonse zatha. Mpaka lero sizinatsimikizike kuti ndi supanova zingati zimachokera ku chitsalira choyamwa nyenyezi inzake ndi zingati zimachokera ku zitsalira ziwiri zophatikizana. Kuyambira cha m'ma 2010 zadziwika kuti, ngakhale mutakonza zonse, supanova za m'milalang'amba ikuluikulu zimawala pang'ono kuposa za m'milalang'amba ing'onoing'ono, ndipo akatswiri akukanganabe za chifukwa chake. Palinso kukondera kwa telesikopu: kumalire a zimene imatha kuona, imagwira zowala zokha n'kuphonya zofooka, zimene zimachititsa gulu lakutali kuoneka lowala kuposa mmene liliri. Zonsezi zimasuntha manambala ndi magawo ochepa pa 100. N'zokwanira kusokoneza mafunso a masiku ano ofuna kuyeza mosamala kwambiri, koma sizikwanira kukweza 89 kufika pa 109.

Popanda supanova, pali umboni wina?

Ulipo, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi inavomerezedwa msanga. Kuwala kotsala kuchokera pamene chilengedwe chinali ndi zaka 380,000 zokha kuli ndi mawangamawanga amene kukula kwake kumauza ngati danga ndi lopindika kapena losapindika. Chipangizo cha BOOMERanG, chimene chinaulutsidwa ndi chibaluni ku Antarctica, chinaonetsa mu 2000 kuti danga silopindika, ndipo masetilaiti a WMAP ndi Planck anatsimikiza zimenezi. Kuti danga likhale lotero pamafunika mlingo wodziwika wa zinthu ndi mphamvu, koma zinthu zonse zokokana zimangokwana magawo pafupifupi 30 pa 100 a mlingowo. Otsalawo ndi ofanana ndi amene supanova zinkafuna. Manambala a Planck ndi awa: magawo 5 ndi maatomu wamba, 27 ndi zinthu zamdima zimene zimakoka koma siziwala, ndipo 68 ndi mphamvu yamdima.

Zinathetsanso vuto lina lochititsa manyazi. Chilengedwe chodzaza ndi zinthu zokokana chija chikanakhala ndi zaka pafupifupi 9 biliyoni, pamene nyenyezi zakale za mu mlalang'amba wathu zili ndi zaka zoposa 12 biliyoni. Mukaikamo mphamvu yamdima, zaka za chilengedwe zimafika 13.8 biliyoni, ndipo nyenyezizo zimakwanamo.

Nanga mphamvu yamdimayo ndi chiyani?

Yankho losavuta kwambiri ndi lakuti ndi mphamvu ya danga lenilenilo. Albert Einstein anaika nambala yotere m'masamu ake mu 1917, yolembedwa Λ, pofuna kuti chilengedwe chikhale chosasuntha, ndipo anaichotsa zitadziwika kuti chikufutukuka. Khalidwe lake ndi lakuti siisungunuka. Mitunda ikachuluka kawiri, zinthu wamba zimamwazikana m'malo aakulu ka 8, koma mphamvu ya danga imakhalabe yomweyo pa mita iliyonse, popeza danga latsopano limabwera ndi yakeyake.

Izi ndi zimene zimafotokoza kukhota kuja. Pa nthawi ya supanova yathu ya z = 0.5, zinthu zinali zothithikana ka 3.4 kuposa lero, pamene mphamvu yamdima inali monga ilili. Mukabwerera m'mbuyo kwambiri, zinthu zimaiposa kutali. Kuwonjezera liwiro kunayamba pamene zinthu zinasungunuka kufika pochuluka kawiri kokha kuposa mphamvu yamdima, zaka pafupifupi 6 biliyoni zapitazo.

Chifukwa chimene imakankhira chili m'masamu a Einstein. Kumeneko chimene chimalamula kufutukuka si kuchuluka kwa mphamvu kokha, komanso kupanikiza kwake, mwa njira ya ρ + 3p, pamene ρ ndi kuchuluka kwa mphamvu ndipo p ndi kupanikiza. Chinthu chimene sichisungunuka danga likamakula chimayenera kukhala ndi p = −ρ, ndiye zonse pamodzi zimakhala −2ρ. Nambala ikatsika pansi pa ziro, kukoka kumasanduka kukankha.

Ndi yochepa modabwitsa. Pa danga la mita imodzi mbali zonse muli mphamvu yofanana ndi kulemera kwa maatomu a haidirojeni atatu kapena anayi. M'danga lalikulu ngati dziko lonse lapansi muli pafupifupi mamiligalamu 6 okha. Choncho singatambasule thupi lanu, dziko, kapena mlalang'amba wathu, ndipo singaletse mlalang'amba wa Andromeda kutiyandikira. Imapambana kokha m'madanga aakulu a pakati pa magulu a milalang'amba. Chovutitsa akatswiri n'chakuti masamu a tinthu ting'onoting'ono, akawerengera mosakonza mphamvu imene danga liyenera kukhala nayo, amapereka nambala yoposa yoyezedwayo ndi 1 wotsatiridwa ndi maziro okwana pafupifupi 120.

Kodi ndi yosasinthadi?

Limeneli ndiye funso limene likuyezedwa panopa. Akatswiri amagwiritsa ntchito nambala w, imene ndi p kugawa ndi ρ. Ngati ndi Λ ya Einstein, w ayenera kukhala −1 nthawi zonse. Kaundula wa Pantheon+ wa mu 2022, wa supanova pafupifupi 1,550, anapeza w woyandikira −1, ndipo mu 2024 Dark Energy Survey, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Blanco yomwe ija, inawonjezera zina zoposa 1,600.

Chatsopano chinachokera ku DESI, chipangizo cha ku Kitt Peak, ku Arizona, chimene chimayeza mtunda umene milalang'amba imakonda kutalikirana, pafupifupi ulendo wa kuwala wa zaka 490 miliyoni, n'kuugwiritsa ntchito ngati muyezo pa nthawi zosiyanasiyana. Zotsatira zake za mu 2024 ndi mu Malichi 2025, zikaphatikizidwa ndi kuwala kwakale kuja ndi supanova, zikuonetsa ngati mphamvu yamdima yakhala ikufooka m'zaka mabiliyoni angapo apitawa. Mu Malichi 2025 kulimba kwa chizindikirocho kunali pakati pa masigima 2.8 ndi 4.2, pamene mwambo wa akatswiri umafuna 5 asananene kuti apeza chinthu. Chofunika kuona n'chakuti nambala yotsika inabwera pogwiritsa ntchito Pantheon+, yokwera pogwiritsa ntchito supanova za Dark Energy Survey. Kusiyanako kumachokera ku zinthu zimene tatchula kale: mmene akonzera fumbi, ndi mmene alumikizira supanova zapafupi, zojambulidwa ndi matelesikopu osiyanasiyana, ndi zakutali. Kulakwitsa kwa magawo awiri kapena atatu pa 100 polumikizapo n'kokwanira kusuntha yankho. Telesikopu ya Vera C. Rubin ya ku Chile, imene inatulutsa zithunzi zake zoyamba mu Juni 2025, ikuyembekezeka kupeza supanova za mtundu wa Ia zokwana masauzande mazana angapo, zapafupi ndi zakutali zomwe, ndi kamera imodzi.